Musanapukute: kuyesa zaka, zokonzedwa ndi mtengo wa kalimba kapena vayolini yakale

Mu Blantyre muno zoimbira zakale zimatulukira kawirikawiri pogawa katundu wa malemu kapena posamuka nyumba. Pansi pa bedi pamapezeka bokosi lakuda lokhala ndi vayolini yopanda nsambo, kapena m'thumba la chiguduli mumatuluka kalimba kamene agogo anabwera nako kuchokera ku Nsanje. Achibale amafunsa nthawi yomweyo kuti chimenechi chingagule ndalama zingati. Funso limeneli ndi lomaliza. Musanafike pamenepo muyenera kuyankha awiri ena, lililonse palokha: chinapangidwa liti, ndipo ndani anachigwiragwira chipangidwireni. Mukasakaniza mafunso atatuwa mumadzinamiza nokha, chifukwa chinthu chingakhale chakale kwambiri koma chotchipa, ndipo china chingakhale chokonzedwa kangapo koma chodula.

Choyamba: manja kumbuyo

Zoimbira zambiri zakale zimawonongeka pa tsiku limene zapezeka. Wina amatenga sandipepa kuti achotse dzimbiri pa tizitsulo, wina amapaka vanishi wa mipando, wina amathira supaguluu mumng'alu. Zonsezi zimafufuta umboni umene mukufuna kuwerenga, ndipo sizibwezeka. Pukutani fumbi lokha ndi kansalu kofewa kouma. Sipiriti asayandikire vayolini, chifukwa amasungunula vanishi wake pompopompo.

Konzani tebulo pafupi ndi windo, yalanipo thaulo, ndipo mukhale ndi tochi yaing'ono, lula kapena tepi yoyezera mamilimita, kagalasi kokuzira zinthu, kope ndi foni. Jambulani chinthucho mbali zonse musanasunthe kalikonse. Ngati ndi kalimba, lizani kachitsulo kalikonse kamodzikamodzi kuyambira kumanzere mpaka kumanja, foni ikujambula mawu. Ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku.

Gogodani pang'ono chinthucho pamwamba pa pepala loyera. Pakagwa ufa wosalala wotuwa, ndiye kuti thabwa likufumbwa ndipo tizilombo tikadali m'kati. Chipatuleni, chisakhale pafupi ndi mipando kapena zoimbira zina. Timabowo takuda topanda ufa timasonyeza kuti tizilombo tinadya kalekale n'kuchoka.

Chachiwiri: funsani akuluakulu akadali moyo

Mbiri ya mwini wake ndi gawo la mtengo wa chinthucho, ndipo kwa kalimba ndiyo gawo lalikulu. Musafunse kuti "chili ndi zaka zingati?" chifukwa yankho lidzakhala lakuti "n'chakalekale." Funsani zimene munthu angakumbukire pozimangirira ku zochitika. Mwachitsanzo: "Azakhali, pamene inu munkakwatiwa, kalimba aka bambo anali nako kale?" Iwo akayankha kuti, "Eee mwanangu, ankaimba pakhonde tisanasamuke ku Chikwawa, iweyo amako asanabadwe," mwapeza chaka chimene mungachiwerengere. Funsaninso ngati anasema okha kapena anagula, kwa yani, mudzi uti, ndi nyimbo ziti zimene ankaimba. Lembani dzina la wonenayo ndi tsiku. Chithunzi chakale chimene chikuonetsa mwini wake atanyamula choimbiracho, risiti, kalata, kapena chiphaso cha ntchito ya ku Joni kapena ku Halale, zonsezi zisungeni limodzi ndi choimbiracho.

Chachitatu: zaka za kalimba

Kalimba, sansi ndi zinzake za ku chigwa cha Shire ndi ku Zambezi n'zoimbira zimene mwini wake amazikonza moyo wake wonse. Kachitsulo kakathyoka amasula kena, waya akadzimbirira amamanga wina, chikho chokuzira mawu chikasweka amapeza china. Choncho zaka zimene tikufuna ndi za thabwa, ndipo zina zonse tiziyesa pazokha.

Yambani ndi kuona ngati ndi ka m'fakitale. Hugh Tracey, amene anayambitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa ku South Africa mu 1954 ndipo anadzajambulanso nyimbo kuno ku Nyasaland, anayamba kugulitsa kalimba ka mtundu wake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kameneka ndi kabokosi komata bwino ka thabwa la mlombwa, bowo limodzi lozungulira kutsogolo ndi timabowo tiwiri kumsana, tizitsulo tosalala tofanana m'lifupi, 15 kapena 17, tina topakidwa utoto kuti woimba asasochere. Mukaona zimenezi, kalimbako sikangakhale kakale kuposa zaka za m'ma 1950, ndipo kampani yake ikupangabe mpaka lero. Palinso tambirimbiri ta ku China ta tizitsulo 17 tolembedwa manambala pamwamba, timene tafala zaka zaposachedwapa. Timeneti mtengo wake ndi wa kogula kale m'sitolo basi.

Kosema pamanja kamadziwika mukakatembenuza. Walitsani tochi chopendekera kumsana kwa thabwa, kuwala kudutse mokwawa. Kasemasema amasiya timaenje tosaya totsatizana, mpeni umasiya mizere yosalingana, pamene makina amasiya thabwa lathyathyathya lokhala ndi timizere tofanana. Yang'anani timabowo todutsa waya. Toboola ndi chitsulo chamoto timakhala takuda m'mphepete ndipo sitifanana kukula, pamene ta dirilo timakhala toyera ndi tozungulira bwino. Izi zokha sizitsimikiza ukale, poti alipo amisiri akusemabe ndi kasemasema lero, koma zimakuuzani kuti mupitirize kufufuza.

Umboni weniweni ndi kuperepeseka. Nyamulani kalimbako ngati mukuimba, zala zazikulu pa tizitsulo, zala zina kumsana. Pamene manja anu agwera mpamene payenera kukhala posalala, pakuda ndi ponyezimira ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo m'mphepete mwa thabwa pamalo amenewo muyenera kukhala mobulungira. Pansi pa nsonga za tizitsulo nthawi zina pamakhala timikwasa ta zikhadabo. Nsonga zenizenizo zimakhala zowala ngakhale chitsulo chonse chili chakuda, ndipo sizowala mofanana: tizitsulo timene nyimbo zake zinkadutsapo kwambiri timaperepeseka kuposa tam'mbali. Kalimba kopangira alendo, ngati tina timene timagulitsidwa limodzi ndi ziboliboli m'tauni, kamakhala kakuda paliponse mofanana, m'makona ndi pansi pa tizitsulo pomwe chala sichifika. Nyowetsani pang'ono kansonga ka nsalu yoyera, mukhudze pamalo obisika kumsana. Polishi wa nsapato amatsalira pansaluyo ndipo amanunkha polishi. Kuda kwa utsi wa m'khitchini ndi thukuta sikuchoka msanga chotero, ndipo fungo lake ndi la mwaye.

Tsopano tizitsulo. Tambiri timasulidwa kuchokera ku masipoko a njinga, nthiti za ambulera, misomali kapena waya wokhuthala. Yang'anani kumchira, kuseri kwa chitsulo chopanikizira, kumene wosula sanamenye ndi nyundo: kumeneko sipoko imaonekabe kuti ndi yobulungira. Tizitsulo tosulidwa ndi munthu mmodzi nthawi imodzi timafanana kamenyedwe, katambasukidwe ka nsonga ndi mtundu wa dzimbiri. Kamene kakusiyana ndi tinzake n'kolowa m'malo. Werenganinso timikwasa pa mtanda umene tizitsulo timatsamira. Mikwasa ikakhala 15 koma tizitsulo 13, tiwiri tinatayika, ndipo mpata wake umaoneka.

Pamtanda pomwepo pali chinthu chimene ndimachikonda kwambiri. Kachitsulo kakakhala malo amodzi zaka zambiri, kamakhala ndi kamzere kopingasa pamene kankakhudza mtandawo. Kamzereko kakakhala pamtanda penipeni, kachitsuloko sikanasunthe, ndipo mawu amene mukumva ndi amene mwini wake anatchuna. Kakaoneka patsogolo kapena pambuyo pa mtanda, wina anakankha kapena kanasuntha pogwa. N'chifukwa chake ndinati mujambule mawu musanagwire. Makolo sankatchuna motsata kiyibodi ya ku tchalitchi. Dera lililonse, ngakhale woimba aliyense, anali ndi katchunidwe kake, ndipo amene amafufuza nyimbo amakafuna kameneko kuposa thabwa lenilenilo. Mukatenga foni n'kukankha tizitsulo kuti tigwirizane ndi do-re-mi, mwafufuta mawu a agogowo.

Zonjenjemeretsa mawu zimathandiza kuika malire a zaka. Akale ankamangirira tizigoba ta nkhono kapena timphete tachitsulo, kenako kunabwera zotsekera mabotolo. Chotsekera chamanomano chija chinatulukira ku America mu 1892, choncho sichingakhale chakale kuposa pamenepo, ndipo zakale zinali ndi kachikopa ka koko m'kati pamene za kuyambira cha m'ma 1960 zili ndi pulasitiki. Ngati dzina la chakumwa likuwerengeka, ligwiritseni ntchito. Mwachitsanzo Carlsberg inayamba kufululidwa mu Blantyre mu 1968. Mukapeza kobiri loboola pakati la Rhodesia ndi Nyasaland litagwiritsidwa ntchito ngati washa, chaka chalembedwa pomwepo, pakati pa 1955 ndi 1963. Koma kumbukirani kuti zimenezi zimangonena za tsiku limene zinamangidwapo. Yang'anani pafupi ngati pali timabowo tina topanda kanthu, kapena chizindikiro chozungulira chotuwa pamene panali china kale. Zikakhalapo, thabwalo ndi lakale kuposa zotsekerazo.

Tinene kuti muli ndi kalimba kotere: thabwa la kasemasema, timabowo ta chitsulo chamoto, m'mbali mosalala ndi mwakuda pogwira manja, tizitsulo 15 ta masipoko koma tiwiri towala tosiyana ndi tinzake, waya womangira wa kopa wa magetsi, zotsekera ziwiri za pulasitiki m'kati, ndi timabowo tinayi topanda kanthu pambali pake. Azakhali akuti kanalipo iwo asanakwatiwe mu 1962. Chigamulo chanu chikhale chakuti thabwa ndi tizitsulo 13 ndi za chaka cha 1962 chisanafike, mwina kale ndithu poona kuperepeseka, ndipo waya, zotsekera ndi tizitsulo tiwiri ndi zokonza za pambuyo pake. Musalembe kuti "zaka 100." Lembani zimene umboni ukulola.

Chachinayi: zaka za vayolini, ndi kapepala ka m'kati

Suzumirani pabowo lopindika la kumbali ya nsambo yaikulu, tochi ikuwala pabowo linalo. Nthawi zambiri mupeza kapepala komatidwa kumsana. Ndipo nthawi zambiri kamati Antonius Stradivarius Cremonensis Faciebat Anno, kenako chaka cha m'ma 1700. Mtima ukhale m'malo. Antonio Stradivari anamwalira mu 1737 ku Cremona, m'dziko la Italy, ndipo zoimbira zake zimene zilipo ndi pafupifupi 650, zodziwika ndi zolembedwa m'mabuku. Koma kuyambira m'ma 1800 mpaka m'ma 1900, mafakitale ndi mabanja a ku Markneukirchen ndi Mittenwald ku Germany, Schönbach ku Bohemia ndi Mirecourt ku France anapanga mavayolini ochuluka zedi n'kumamatamo dzina limeneli, kutanthauza kuti atengera kapangidwe kake. Ambiri mwa mavayolini akale amene anafika kuno ndi amishoni, aphunzitsi, eni minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena anthu obwera ku ntchito kunja, ndi a gulu limeneli.

Kapepalako kali ndi ntchito ndithu, koma muwerenge tizilembo tating'ono ta m'munsi. Mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo lakuti katundu wolowa kumeneko azilembedwa dziko lochokera, ndipo opanga zoimbira anatsatira. Choncho dzina la dziko lolembedwa m'Chingerezi pa kapepala ka Chilatini likusonyeza zaka za pambuyo pa 1890. Mawu akuti Made in Czechoslovakia sangakhale a chaka cha 1918 chisanafike, popeza dzikolo linabadwa chaka chimenecho ndipo linatha kumapeto kwa 1992. West Germany ndi ya pakati pa 1949 ndi 1990. Kapepala kamatha kumatidwa ndi aliyense nthawi ina iliyonse, choncho kakanena zazikulu musakakhulupirire, koma kakadzichepetsa kokha kuti ndi ka m'fakitale, palibe chifukwa chokakayikira.

Mukatero lolani thabwa lilankhule. Yezani utali wa msana, osawerengera kachidutswa kozungulira kamene kagwira khosi. Vayolini ya munthu wamkulu imakhala pafupifupi mamilimita 356. Ya mamilimita 335 ndi ya mwana wa sukulu, ndipo zotere sizidula kawirikawiri.

M'mphepete mwa chifuwa ndi msana muli kamzere kozungulira, kakuda, koyera pakati, kakudanso. Pa vayolini yopangidwa mosamala, kamzereka ndi timatabwa titatu topyapyala tolowetsedwa mumkwasa, ndipo kamathandiza kuti mng'alu woyambira m'mphepete usalowe m'kati. Pa zotchipa amangojambula ndi inki. Tengani kagalasi kokuzira: ngati mitsempha ya thabwa ikudutsa kamzereko osaduka, kapena kamzereko kafufutika pamene dzanja limagwira, n'kojambula. Onaninso thabwa lakuda limene zala zimaponda nsambo. Labwino ndi lakuda mpaka m'kati, pamene lotchipa ndi thabwa loyera lonyikidwa utoto, ndipo pansi pa nsambo pamayera. Kenako mutu wopiringizika wa vayoliniyo: tembenuzani muone kunsi kwake, pamene mikwasa iwiri imalowa kukhosi kwa mutuwo. Mmisiri wofatsa amasema mpaka kumapeto, wothamangira kuchulukitsa amalekezera panjira pamene maso safika.

Ukale weniweni umaoneka pamene thupi la woimba limakhudza: pambali pa chogwirira nsambo pamene chibwano chimatsamira, paphewa la kumanja kwa khosi pamene dzanja lamanzere limagunda, ndi pakati pa msana. Mafakitale ankapanganso zipsera zabodza, ndipo akupangabe, koma zabodza zimamwazikana paliponse mofanana, ngakhale pamalo amene palibe chimakhudza. Mabowo a zichiri zokungira nsambo akaoneka kuti anatsekedwa ndi thabwa lina n'kubooledwanso, ndiye kuti vayoliniyo inaimbidwa kwa nthawi yaitali mpaka mabowo kukula. Onaninso ngati mutu unalumikizidwa ku khosi lina: pamaoneka mizere yopyapyala yopendekera m'mbali mwa kabokosi ka zichiri. Mavayolini a m'ma 1700 ambiri anawaika makosi ataliko m'zaka za m'ma 1800, choncho chilumikizo chotere n'chizindikiro chabwino, koma chimapezekanso pamene khosi linangothyoka, ndipo ena amachijambula dala ndi mpeni. Chenicheni chimadziwika poti mitsempha ya thabwa imasintha podutsa mzerewo.

Chachisanu: ming'alu ndi zigamba

Pano mpamene ndalama zimapita. Nyengo yathu imavutitsa zoimbira zimenezi: chinyezi cha dzinja ndi cha chiperoni chimafufumitsa thabwa ndi kufewetsa guluu, kenako kutentha kwa Okutobala kumaliumitsa msanga. Vayolini yokhala zaka m'bokosi pansi pa malata imadutsa zimenezi chaka ndi chaka.

Musanakunge nsambo iliyonse, suzumirani pabowo la kumbali ya nsambo yaing'ono. Payenera kuoneka kamzati kakang'ono kobulungira koimirira pakati pa chifuwa ndi msana, kuseri pang'ono kwa phazi la buliji, kathabwa koimirira pachifuwa kamene nsambo zimatsamira. Sikamatidwa, kamangopanikizika. Mukagwedeza vayolini n'kumva kanthu kakugubuduzika m'kati, kagwa. Mukakunga nsambo kamzatiko kulibe, chifuwa chimatha kuphwanyika.

Gogodani ndi mfundo ya chala m'mphepete monse. Pomata bwino pamalira molimba, posomphoka pamalira ngati pali mphako. Kusomphoka kwa chifuwa kapena msana ku nthiti si vuto lalikulu. Amisiri amamata ndi guluu wa zikopa wosungunula pamadzi otentha, amene amalekerera dala thabwa lisanang'ambike, ndipo kumatanso n'kosavuta. Sikutsitsa mtengo.

Mng'alu ndi nkhani ina, ndipo chofunika ndi malo ake. Zimitsani magetsi, lowetsani kuwala kwa tochi pabowo, muone ngati kukutulukira pena. Kenako yendetsani tochi chopendekera kunja. Mng'alu waufupi wa m'mphepete mwa chifuwa kapena pa kaphiko ka bowo, ukamatidwa bwino, umachotsa zochepa. Oopsa ndi amene adutsa pamene pali katundu wa nsambo: pansi pa phazi la buliji la kumbali ya nsambo yaikulu, pamene m'kati muli mtanda wautali, ndi pamene pali kamzati kaja. Woipitsitsa ndi wa kumsana pa kamzati penipeni, chifukwa kamzatiko kamaukankha kuti utseguke nthawi zonse. Ogulitsa mavayolini amawerengera kuti umenewu umadula mtengo pafupifupi ndi theka, ngakhale utakonzedwa bwino. Onaninso kachidutswa kozungulira ka msana kamene kagwira khosi. Kakang'ambika, khosi limagwa. Goneketsani lula pathabwa lakuda mpaka pamalo a buliji: kuchokera pachifuwa kufika pa lulayo payenera kukhala pafupifupi mamilimita 27. Pakakhala 22 kapena 23, khosi latsika, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri weniweni.

Kukonza kwabwino kumadziwika ndi timatabwa ting'onoting'ono tomatidwa m'kati motsata mng'alu, tooneka posuzumira, ndipo kunja mbali ziwiri za mng'aluwo zimalingana mwakuti chikhadabo sichikodwa. Kukonza koipa kumaoneka ndi guluu woyera wa akalipentala wotuphuka, supaguluu wonyezimira ngati galasi, misomali, masikuluwu pakhosi, kapena vanishi wokhuthala wopakidwa thupi lonse mpaka kudontha m'mabowo. Zoterezi zimadula kawiri, poti mmisiri ayenera kuyamba wachotsa zoipazo. Vayolini yochotsedwa vanishi wake woyamba yataya gawo lalikulu la mtengo wake mpaka kalekale.

Kwa kalimba muyeso ndi wosiyana. Kachitsulo kolowa m'malo, mng'alu womatidwa ndi phula, chikho chosokedwa ndi waya, ngati anachita ndi mwini wake woimbayo, ndi mbali ya mbiri yake ndipo sizichotsa kanthu. Zimene zimachotsa ndi zathu za lero: kupala, kupaka vanishi, kutchunanso. Mng'alu umene uli ndi vuto ndi wodutsa m'timabowo ta waya womangira, chifukwa tizitsulo sitingalimbenso ndipo mawu amafa.

Uta wa vayolini musautaye ngakhale ubweya wake utatha. Ubweya umadyedwa ndi tizilombo ta m'bokosi ndipo umasinthidwa mosavuta. Onani ngati ndodo yake ndi yowongoka, mutu wake sunathyokepo, ndiponso ngati pali dzina lodindidwa pafupi ndi pogwirira. Tizitsulo take tikada bii, mwina ndi siliva, amene amaikidwa pa mauta abwinopo. Zimachitika kuti uta umaposa vayolini yake mtengo.

Chachisanu ndi chimodzi: kuika mtengo

Mtengo umadalira amene akugula. Woimba amagula mawu ndi kulimba. Wosunga zakale amagula mbiri ndi kusagwiridwa. Mlendo wodutsa amagula maonekedwe. Sankhani msika musanatchule ndalama.

Kwa vayolini, njira ndi iyi. Fufuzani pa intaneti mitengo imene mavayolini ofanana nayo anagulidwadi pa okushoni, osati imene ogulitsa akupempha. Chotsanipo za kuwonongeka kosatha, kenako chotsani ndalama zokonzetsera. Tiyese ndi chitsanzo. Vayolini ili ndi kapepala ka Stradivarius 1721, m'munsi Made in Czechoslovakia. Msana ndi mamilimita 357, kamzere ka m'mphepete n'kolowetsa, thabwa la zala ndi lakuda mpaka m'kati, vanishi ndi woyamba, khosi lili pa mamilimita 26. Msana wasomphoka pang'ono m'munsi, kamzati kagwa, buliji palibe, ndipo pali mng'alu wa masentimita 4 m'mphepete mwa chifuwa kutali ndi buliji. Chigamulo: ya m'fakitale ya ku Bohemia, ya 1918 kapena pambuyo pake, ya gulu lapakati, yoyenera kukonzetsa. Tiyerekeze kuti zofanana nazo zokonzeka kuimba mwazipeza pa madola 600. Mng'alu waung'onowo uchotse 60. Kumata, buliji, kamzati, nsambo ndi ubweya wa uta zitenge 200. Mmene ililimu ndi ya madola 340. Koma mng'alu womwewo ukanakhala kumsana pa kamzati, 600 ikanatsika kufika 300, ndipo chigamba cha pamenepo, chimene chimafuna kutsegula vayolini yonse, chikanadya yotsalayo n'kupitirira. Pamenepo nzeru ndi kuisunga ngati chikumbutso cha banja. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikemo amene mwapeza. Werengeraninso kuti amisiri a vayolini ndi osowa kuno, ndipo ntchito yaikulu ingafune kutumiza ku South Africa, ulendo umene uli ndi mtengo wake.

Mukaona zizindikiro zabwino zingapo pamodzi, monga mutu wolumikizidwa kwenikweni, mabowo a zichiri otsekedwa, kasemedwe kofatsa ndi kapepala kopanda dzina la dziko, musagulitse msanga. Jambulani zithunzi zowongoka za chifuwa, msana, mutu mbali zonse ndi kapepala, mutumize kwa ogulitsa mavayolini odziwika kapena nyumba za okushoni zakunja. Ambiri amapereka ganizo loyamba poona zithunzi. Pa vayolini yoganiziridwa kuti ndi yamtengo wapatali, akatswiri amayeza mizere ya zaka pathabwa la pachifuwa n'kudziwa chaka chimene mtengowo unali usanadulidwe, ndipo vayoliniyo singakhale yakale kuposa chaka chimenecho.

Kalimba kalibe mitengo yokhazikika chotero. Kopanda mbiri, ngakhale kakale, kamagulidwa motchipa ngati chokongoletsera m'nyumba. Kamene kali ndi dzina la wosula, mudzi, zaka, chikho chake, katchunidwe kosasunthidwa ndi mawu a munthu amene anakamva kakulira, kamafunidwa ndi osunga zakale ndi ofufuza nyimbo. Pitani nako ku nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri mukafananize ndi zimene zili kumeneko, ndipo mufunse komweko za chilolezo ngati wogula akufuna kutuluka nako m'dziko, chifukwa lamulo la zinthu zakale limaletsa kutulutsa zina popanda chilolezo. Chimodzimodzinso chilichonse chokhala ndi mnyanga wa njovu, monga kansonga koyera ka mauta ena akale: malonda ake ali ndi malamulo okhwima, ndipo pachipata cha dziko chingalandidwe.

Podikira wogula kapena mmisiri, masulani nsambo za vayolini pang'ono pokha ngati kamzati kakadali chilili, kuti kasagwe, koma zimasuleni zonse ngati kagwa kapena pali mng'alu. Masulaninso uta. Ikani choimbiracho m'chipinda cham'kati, pashelefu, kutali ndi khoma la chinyezi, windo la dzuwa ndi denga la malata, ndipo pepala la zonse mwalemba lija mulipinde muliike m'bokosi momwemo.